9 koloko m'mawa, koma ya kuti?

Wotchi ya ku Lilongwe ikamawerenga 9 koloko m'mawa, ku Dar es Salaam imakhala itakwana kale 10 koloko. Ku London imakhala 7 kapena 8 koloko malinga ndi mwezi wake, pamene ku New York anthu amakhala ali m'tulo tofa nato, 2 kapena 3 koloko usiku. Choncho amene akufuna kukumbutsa anthu okhala m'maiko osiyanasiyana kudzera pa meseji ya pafoni, n'kufunanso kuti aliyense ailandire 9 koloko m'mawa ya kwawoko, sakutumiza kamodzi ayi. Akutumiza maulendo angapo pa tsiku, ena mwa maulendowo iye ali m'bulangete.

Tiyerekeze gulu la anthu omwe anaphunzira pasekondale imodzi, ndipo tsopano akusonkha ndalama zokonzera laibulale ya sukulu yawo yakaleyo. Ambiri ali konkuno, ena ali ku Joni, ena ku Mangalande, ena ku Amereka, ndipo ochepa ali ku Australia. Msungichuma akufuna kuti Lolemba lililonse aliyense azilandira meseji yomukumbutsa za chopereka. Wasankha 9 koloko chifukwa munthu amakhala atadzuka, atasamba, mwinanso atafika ku ntchito. Nthawiyi ndi yaulemu, komanso kwina ndi nkhani ya lamulo: ku Amereka, otsatsa malonda saloledwa kuvutitsa munthu pafoni isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itadutsa 9 koloko usiku, potengera wotchi ya kumene kuli wolandirayo. Msungichuma wapempha mmodzi wa mamembala, wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta, kuti akonze zoti mamesejiwo azipita okha.

Nzeru yoyamba imene imabwera m'mutu, ngakhale mwa wophunzira, ndi yolemba kusiyana kwa maola pambali pa dzina la munthu aliyense. Wa ku Joni, palibe kusiyana. Wa ku London, chotsani maola awiri. Wa ku New York, chotsani maola 7. Masamu ake ndi osavuta, ndipo akayesa mu Januwale kapena Febuluwale zonse zimayenda bwino lomwe. Vuto limadzaonekera mu Malichi.

Ife a kuno sitisuntha mawotchi. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa tonse timakhala patsogolo ndi maola awiri pa nthawi yoyezera dziko lonse, imene pakompyuta imalembedwa kuti UTC, ndipo zimakhala choncho chaka chonse. N'chifukwa chake timaiwala msanga kuti kwa anzathu si choncho. Maiko ambiri a kozizira amakankhira mawotchi awo kutsogolo ndi ola limodzi nyengo yotentha ikamayamba, kuti madzulo kuziwala nthawi yaitali, ndipo amawabweza nyengo yozizira ikamayandikira. Ku Mangalande amakankha Lamulungu lomaliza la Malichi n'kubweza Lamulungu lomaliza la Okutobala. Ku Amereka, kuyambira mu 2007, amakankha Lamulungu lachiwiri la Malichi n'kubweza Lamulungu loyamba la Novembala. Ku Sydney, popeza ali kummwera ngati ife ndipo nyengo zawo n'zotembenuka, amakankha mu Okutobala n'kubweza mu Epulo. Palibe amene amadikira mnzake.

Tiyeni tione mmene izi zikukhudzira gulu lathu lija m'chaka cha 2026, tikuwerenga pa wotchi ya msungichuma ku Lilongwe. Lolemba pa 2 Malichi, meseji ya ku London iyenera kunyamuka 11 koloko m'mawa, ndipo ya ku New York 4 koloko madzulo. Lamulungu pa 8 Malichi a ku Amereka asuntha mawotchi, ndiye Lolemba pa 9 Malichi ya ku New York iyenera kunyamuka 3 koloko masana, pamene ya ku London ikadali pa 11 koloko pomwe paja. Zikhala choncho kwa masabata atatu. Pa 29 Malichi a ku Mangalande nawo asuntha, ndiye Lolemba pa 30 Malichi ya ku London iyenera kunyamuka 10 koloko. Patangopita sabata imodzi, pa 5 Epulo, a ku Sydney abweza awo, ndipo meseji yawo, imene inkanyamuka 12 koloko pakati pa usiku, iyenera kuyamba kunyamuka 1 koloko usiku. M'masabata asanu okha ndandanda yasintha katatu, koma munthu aliyense kwawoko akungoyembekezera chinthu chimodzi chosasintha: 9 koloko.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chimene chiyenera kusungidwa m'kaundula si kusiyana kwa maola, koma dzina la chigawo cha nthawi cha munthuyo. Kusiyana kwa maola ndi yankho la tsiku limodzi, pamene dzina la chigawo limanyamula malamulo onse a malowo, a dzulo ndi a mawa omwe.

Mainawa alipo kale, sachita kupeka. Pali kaundula wa zigawo za nthawi wa dziko lonse amene Arthur David Olson anayambitsa m'zaka za m'ma 1980, amene kwa nthawi yaitali wakhala akusamalidwa ndi Paul Eggert, ndipo kuyambira mu 2011 amasungidwa ndi bungwe la IANA. Mafoni ndi makompyuta ochuluka zedi amadalira kaundula ameneyu popanda eni ake kudziwa. M'menemo Malawi ndi `Africa/Blantyre`, Zambia ndi `Africa/Lusaka`, South Africa ndi `Africa/Johannesburg`, Mangalande ndi `Europe/London`, ndipo kum'mawa kwa Amereka ndi `America/New_York`. Wolemba pulogalamu akapereka tsiku, ola ndi dzina la chigawo, kompyuta imamuuza mphindi yeniyeni yoti meseji inyamuke. M'chinenero cholembera mapulogalamu cha Python zimaoneka chonchi:

```python
from datetime import datetime, timezone
from zoneinfo import ZoneInfo

t = datetime(2026, 3, 30, 9, 0, tzinfo=ZoneInfo("Europe/London"))
print(t.astimezone(timezone.utc))
```

Mizere iyi ikufunsa kuti 9 koloko ya ku London pa 30 Malichi 2026 ndi nthawi yanji pa UTC, ndipo yankho limatuluka kuti `2026-03-30 08:00:00+00:00`. Mukasintha tsikulo kukhala 23 Malichi, yankho likhala `2026-03-23 09:00:00+00:00`. Wolembayo sanauze kompyuta kanthu za kusuntha mawotchi. Dzina lija ndi limene lagwira ntchitoyo.

Komabe munthu akhoza kusunga dzina lolondola n'kuphonyabe, ndipo ambiri amaphonyera pa sitepe yotsatira. Meseji ya sabata ino ikapita, pulogalamu iyenera kupeza nthawi ya meseji ya sabata yamawa. Njira yachidule ndi yongowonjezera maola 168 pa nthawi imene yapita kumene, popeza masiku 7 ali ndi maola amenewo. Koma ku London, kuchokera 9 koloko ya pa 23 Malichi kufika 9 koloko ya pa 30 Malichi ndi maola 167, chifukwa Lamulungu la pakati pakelo linali ndi maola 23 okha. Amene wawonjezera 168 meseji yake ifika 10 koloko, ndipo izifikabe 10 koloko sabata ndi sabata mpaka Okutobala. Njira yoyenera ndi kuwerenga pa kalendala ya wolandirayo: pezani Lolemba lotsatira, ikanipo 9 koloko, kenako funsaninso kaundula uja mwatsopano.

Ndipo musafunse kutali kwambiri tsikulo lisanafike. Ndikudziwa kuti pali mtima wofuna kuwerengeratu ma Lolemba onse a chaka, kuwasandutsa UTC, kuwasunga, n'kupuma. Ine sindingavomereze zimenezo, chifukwa nthawi ya dziko si dzuwa lokha limene limailamula, boma nalonso limalamula, ndipo maboma amasintha maganizo. South Sudan inabweza mawotchi ake ndi ola limodzi pa 1 Febuluwale 2021 n'kulowa nthawi yofanana ndi yathu. Egypt inayambiranso kusuntha mawotchi mu 2023 itasiya kwa zaka zingapo. Morocco yakhala ikubweza mawotchi ndi ola limodzi m'mwezi wa Ramadan, umene umasuntha chaka ndi chaka. Ku Lebanon mu Malichi 2023 boma linalengeza, kutangotsala masiku ochepa, kuti laimitsa kaye kusuntha mawotchi. Mabungwe ena anamvera, ena anakana, ndipo kwa masiku angapo dziko limodzi linali ndi nthawi ziwiri. Zoterezi zikachitika, osamalira kaundula uja amatulutsa watsopano, wokhala ndi dzina ngati `2024a` kapena `2024b`. Kompyuta yotumiza mameseji iyenera kumalandira kaundula watsopanoyo, ndipo izi zimathandiza pokhapokha ngati nthawi ikuwerengedwa tsiku lotumiza litayandikira. Imene inawerengedwa miyezi 8 yapitayo n'kusungidwa ikhalabe ndi lamulo lakale.

Pali mwayi umodzi pa 9 koloko. Maiko amasuntha mawotchi usiku, kotero 9 koloko m'mawa imapezeka tsiku lililonse, kamodzi kokha. Akanasankha 1:30 usiku akanaona zachilendo, pakuti ku London nthawi imeneyo kulibe pa Lamulungu lomaliza la Malichi, ndipo imabwera kawiri pa Lamulungu lomaliza la Okutobala.

Funso lovuta kuposa masamu onsewa ndi lakuti: tidziwa bwanji kumene munthu ali? Ambiri amathamangira ku nambala ya foni. Nambala yoyamba ndi +265 ndi ya ku Malawi, +27 ndi ya ku South Africa, +44 ndi ya ku Mangalande, ndipo pa maiko amenewa kuganizira kotero kumagwira nthawi zambiri. Koma +1 ndi ya Amereka, Canada ndi zilumba zingapo za ku Caribbean, kuchokera ku New York mpaka ku Hawaii. Anthu a kumeneko amasamukanso ndi nambala zawo, moti nambala yooneka ngati ya ku New York ikhoza kukhala m'thumba la munthu wokhala ku Arizona, kumene dera lalikulu silisuntha mawotchi n'komwe. Ngakhale pafupi pompa, ku Congo, +243 ndi ya Kinshasa komanso ya Lubumbashi, koma mizinda iwiriyi imasiyana ndi ola limodzi. Nambala imanena kumene khadi la mufoni linagulidwa, osati kumene mwini wake wagona usiku wathawu.

Njira yodalirika ndi yachikale: m'funseni munthuyo. Polembetsa afunsidwe mzinda umene amakhala, osati chigawo cha nthawi, chifukwa munthu wamba amadziwa kuti ali ku Leeds kapena ku Perth koma za UTC alibe nazo ntchito. Pulogalamu ndi imene isandutse mzindawo kukhala dzina la m'kaundula. Pakhalenso njira yosavuta yosinthira akasamuka. Nanga wamalonda wa ku Karonga amene wawoloka pa Songwe kupita kokaoda katundu ku Dar es Salaam kwa sabata imodzi? Foni yake isintha wotchi yokha, koma kompyuta yotumiza meseji sidziwa kuti wawoloka, ndipo iye alandira 10 koloko ya ku Tanzania. Kwa ine zimenezo n'zovomerezeka. Kulondola munthu paliponse pamene waponda pofuna kungomukumbutsa za chopereka n'kupyola malire. Amene sananene kumene ali apatsidwe nthawi yongoganizira kuchokera ku nambala yake, koma m'kaundula mulembedwe kuti ndi yongoganizira.

Tsopano kutumiza kwenikweni. Pakompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku pamaikidwa kapulogalamu kodzuka pafupipafupi kukaona ngati pali meseji yoyenera kupita. Wina anganene kuti kazidzuka pa ola pa ola. Si maiko onse amene amasiyana ndi maola athunthu. India ali patsogolo pa UTC ndi maola 5 ndi theka, Nepal ndi maola 5 ndi mphindi 45, ndipo Adelaide ku Australia nayenso ali ndi theka lake. Kapulogalamu kodzuka pa ola pa ola kadzafikitsa meseji ya wophunzira wa ku India 9:30 mpaka kalekale. Kazidzuka mphindi 15 zilizonse, kapena mphindi iliyonse ngati n'kotheka.

Funso limene kamafunsa kakadzuka ndi lofunikanso. Kakamafunsa kuti "ndani amene nthawi yake ndi ino ndendende?", tsiku limene magetsi adzathime kapena intaneti idzaduke kwa mphindi 20, onse a mphindi zimenezo adzaphonyedwa ndipo palibe adzadziwe. Funso labwino ndi lakuti "ndani amene nthawi yake yakwana kapena yadutsa, koma sanatumiziridwebe?" Likatero, kompyuta ikadzuka mochedwa imatolera otsalira onse. Koma pakhale malire. Ngati yadzuka patapita maola 14, meseji ya 9 koloko m'mawa idzafika 11 koloko usiku, chinthu chenichenicho chimene timathawa. Ndi bwino kuika lamulo lakuti ikachedwa kupyola maola awiri kapena atatu isapitenso, idikire mawa lake. Pomaliza, meseji iliyonse ikhale ndi chizindikiro chake, monga nambala ya membala pamodzi ndi tsiku, ndipo ikangotengedwa kuti ipite ilembedwe kuti yatengedwa. Popanda zimenezi, kompyuta ikazima ili pakati pa ntchito n'kuyakanso, anthu alandira meseji imodzimodziyo kawiri kapena katatu, ndipo mayunitsi a gulu atha.

Tsiku lija lisaiwalike. 9 koloko ya Lolemba pa 2 Malichi ku Sydney imakwana pamene UTC ikuwerenga 10 koloko usiku wa Lamulungu pa 1 Malichi. Pulogalamu imene imayamba yafunsa wotchi yake kuti "kodi lero ndi Lolemba?" isanayang'ane za anthu, idzapeza kuti Lolemba la ku Sydney linayamba kalekale ndipo 9 koloko yawo yadutsa. Lolemba liziwerengedwa pa kalendala ya wolandira, monganso ola.

Zonsezi zikakonzeka, tatsimikiza nthawi yonyamuka yokha. Yofika ndi nkhani ina. Meseji sichoka pakompyuta n'kugwera mufoni mwachindunji; imayamba yafika kumalo osungira mameseji a kampani ya mafoni, ndipo kumeneko imakhala ngati kalata imene yafika papositi koma mwini wake sanabwere kudzatsegula bokosi. Foni ikakhala yozima kapena kopanda netiweki, mesejiyo imasungidwa n'kumayesedwanso, kawirikawiri kwa tsiku kapena masiku angapo. Membala wa kumudzi amene foni yake inathera moto Lamulungu madzulo, n'kukaitchajitsa Lolemba usiku, adzalandira chikumbutso chake nthawi imene wayatsa. Makampani ambiri otumizira mameseji ochuluka amalola wotumiza kunena kuti meseji ikalephera kufika m'maola akutiakuti ifafanizidwe. Pa chikumbutso, maola atatu kapena anayi ndi okwanira.

Palinso mzere. Makampaniwa amaika malire a mameseji otuluka pa sekondi. Ngati malire anu ndi meseji imodzi pa sekondi, ndipo anthu 3,000 onse ali m'chigawo chathu chino, womaliza alandira patapita mphindi 50. Gulu laling'ono silingaone vutoli, koma sukulu, chipatala kapena banki iyenera kusankha: kulipira njira yothamanga, kapena kuvomereza kuti 9 koloko ikutanthauza pakati pa 9 ndi 9:30. Kutalika kwa meseji kumalowereraponso. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo chimodzi chimene sichili pa mndandanda wa zilembo wamba za mameseji, monga ŵ wathu uja kapena kachithunzi ka nkhope yoseka, malire amatsika kufika pa 70. Uthenga wa zilembo 120 umasanduka zidutswa ziwiri, mtengo kawiri, ndipo nthawi zambiri mzere nawo umatalika kawiri.

Zinthu zikasokonekera, kukula kwa kuphonyako kumaulula gwero lake. Ngati onse a ku Malawi akulandira 11 koloko m'malo mwa 9, kompyuta yanu ikuyendera UTC ndipo yatenga 9 koloko yanu ngati yake. Ngati odandaula ndi a ku Mangalande kapena ku Amereka okha, kuphonyako ndi ola limodzi ndendende, ndipo kwayamba mu Malichi kapena chakumapeto kwa chaka, penapake panasungidwa kusiyana kwa maola m'malo mwa dzina, kapena pakuwonjezeredwa maola 168. Mphindi 30 kapena 45 zosasintha zikuloza kapulogalamu kodzuka pa ola pa ola. Munthu mmodzi yekha akamalandira pa ola lachilendo sabata iliyonse, ndiye kuti anasamuka kapena nambala yake inakunamizani. Kuchedwa kosiyanasiyana, lero mphindi 5, sabata yamawa 40, si nkhani ya mawotchi. Yang'anani mzere ndi malipoti osonyeza kuti meseji yafika. Kuti muthe kusiyanitsa zonsezi, pa meseji iliyonse sungani nthawi zitatu: imene inayenera kunyamuka, imene inanyamukadi, ndi imene lipoti likuti inafika.

Msungichuma amene alibe wolemba mapulogalamu, ndipo anthu ake akunja ndi khumi chabe, akhoza kugwiritsa ntchito foni yake. Pa mafoni a Android okhala ndi Google Messages, mukadina n'kugwira kabatani kotumizira, pamabwera mwayi wosankha tsiku ndi nthawi. Dziwani zinthu ziwiri. Nthawi imene mukusankhayo ndi ya wotchi ya foni yanu, osati ya wolandira, ndiye masamu aja muchita nokha. Ndipo foniyo iyenera kukhala yoyaka, ili ndi netiweki ndi mayunitsi, nthawiyo ikamakwana, ngakhale ikhale 1 koloko usiku. Pa wotchi ya mufoni momwemo muli malo oikapo mizinda ina. Ikanipo London, New York ndi Sydney kuti muziona kusiyana kwa maola. Kusiyana kumene mukuonako ndi kwa lero, choncho musakonzeretu mameseji odumpha tsiku losuntha mawotchi musanawerengenso. M'chaka cha 2026 masiku ake ndi 8 Malichi ndi 1 Novembala ku Amereka, 29 Malichi ndi 25 Okutobala ku Mangalande, 5 Epulo ndi 4 Okutobala ku Sydney. Alembeni pa kalendala.